Ndinagula Allion pa yadi ndikuganiza kuti ndagula kwa dila, kumene mwini wake anali wina

Anzanga angapo akhala akundifunsa pa foni funso limodzi lomweli, ati kodi motoka yakale ndi bwino kugula pa yadi kapena kwa munthu chabe, ndiye ndatopa kuyankha m'modzi m'modzi ndati ndingolemba zonse kamodzi. Ine si loya komanso si makanika, ndine mayi wa ana awiri ndikhala ku Chelstone, kwathu ku Katete, koma njira ziwiri zonsezi ndadutsamo, yoyamba inandiliza ndipo yachiwiri ndinayenda maso ali gwa.

Ndalama ndinasunga zaka zitatu, ina ya chilimba ina ya kaloni ka kuntchito, chifukwa za ma basi pa Great East m'mawa ndi ana awiri a sukulu zinali zitandikwana. Amuna anga anati tigule kwa mnzawo wina wa ku tchalitchi amene amagulitsa yake, ine ndinakana, ndinati ndalama ngati izi sindingapatse munthu wa mu komboni, ndifuna malo oti ali ndi geti, ofesi ndi lisiti, kuti zikavuta ndidziwe kobwerera. Maganizo amenewo sanali oipa ayi. Choipa ndichakuti sindinadziwe kuti mu yadi imodzi mumakhala mamotoka a mitundu iwiri.

Muli aja ofika kumene kuchokera ku Japan kudzera ku Dar ndi Nakonde, alibe nambala, pa galasi pakadali zolemba za choko. Amenewo kawirikawiri ndi a dila mwini wake. Ndiye muli ena okhala ndi nambala kale, ayendapo muno mu Lusaka, ndipo ambiri mwa amenewa si a yadi, eni ake anangowasiya kuti agulitsiridwe, yadi ikudyapo yake. Onse atsukidwa mofanana, matayala apakidwa polishi mofanana, anyamata akukuonetsani mofanana, palibe amene angakuuzeni kuti iyi ndi yathu iyi ndi ya eni pokhapokha mufunse.

Yadi yake inali cha ku Kafue Road, dzina sinditchula. Ndinapita Loweruka ndekha ndi mwana wanga wamkulu. Allion yasiliva, 1500, pa galasi analemba 132. Mnyamata anandithamangira, amayi bwerani muone, iyi ndiye yanu, yosungidwa bwino, mwakhalamo chabe mupita. Injini inali ikulira kale pomwe ndimafika pafupi, ine ndinaona ngati ndi ulemu kuti andiyatsira eyakoni. Tinazungulira kamsewu ka kumbuyo mwina mphindi zisanu, mnyamatayo ali pambali akuyankhula osapuma, wailesi ili pamwamba. Tinatsitsana mpaka K124,000. Yopanda nambala ya mtundu womwewo inali pamwamba ndithu ndipo anandiuza kuti pamenepo mudzaonjezanso za kulembetsa, ndiye ndinaona ngati ndachenjera potenga ya nambala kale.

Mu ofesi anandionetsa waiti buku, pepala lija loonetsa mwini wa motoka, koma ya fotokope. Ndinafunsa yeniyeni, abwana a pamenepo anati ili ku sefu ku ofesi ina, Lolemba mudzatenga amayi musade nkhawa. Anati ndionjeze K2,500 ya mapepala kuti ejenti wawo andisinthire dzina. Ndalama ndinatumiza ku akaunti ya yadi. Anandipatsa lisiti ya chidindo chawo ndi kalata yogulitsa yosainidwa kale, ndinangoona chidindo mtima pansi, sindinawerenge kuti pa lisiti analemba kuti alandira ndalamazi m'malo mwa mwini wake, ndipo dzina la wogulitsa pa kalata silinali la yadi, linali la bambo wina amene sindinamuonepo chibadwire.

Ndikudziwa ena muti amayi inu munali kuti. Koma munthu ukasunga zaka zitatu, kiyi ili m'manja, mwana akudumpha dumpha panja, mapepala umawaona ngati ochedwetsa chabe.

Lolemba waiti buku kunalibe. Lachisanu kunalibe. Sabata yachitatu motoka inayamba kunjenjemera ponyamuka m'mawa, makamaka ndikaima pa ma loboti kenako ndiponde, imachita ngati ikuganiza kaye kenako gwedee ndiye inyamuke, ndipo pa mtunda wautali mumamveka kulira kwa ngati mluzu. Apa mpomwe ndinapita kwa alamu anga, achimwene awo a amuna anga, amene ndi makanika ku Chilenje, omwe ndikanayamba nawo poyamba. Anangoyenda nayo kuchoka pa garaji kufika pa msika ndi kubwerera, anati mlamu, giyaboksi iyi yatha, ndipo sinathe lero. Anandifotokozera kuti ma Allion a mtundu uwu ali ndi giyaboksi ya CVT, ya lamba wachitsulo mkati, imafuna mafuta ake ake, ndiye wina akathiramo mafuta a otomatiki wamba kapena osasintha konse imayamba kutsetsereka. Vuto limaonekera kwambiri ikakhala yozizira. Anandifunsa, pomwe mumayesa inali yotentha kale? Ndinakumbuka eyakoni ija.

Anandionetsanso labala ya pa buleki yodyeka mpaka chitsulo kuonekera pakona, chiwongolero chosalala ngati mbale, pomwe pa dashibodi mayileji akuti 78,000. Anati mlamu phazi silinama, motoka ya 78,000 siikhala ndi labala yotere.

Ndinabwerera ku yadi ndi ukali wanga wonse. Abwana aja anandilandira mwaulemu, anandipatsa mpando, anatulutsa buku la malisiti nandilozera mzere uja ndi chala. Amayi, motoka iyi sinali yathu, ife tinangothandiza kugulitsa, za giyaboksi mukambe ndi mwini wake. Ndinati nanga walanti? Anati walanti ya mwezi umodzi ya injini ndi giyaboksi timapereka pa zathu zochokera kunja, osati za anthu. Mawu amenewo palibe anandiuza tsiku logula. Ndinalipira mtengo wa pa yadi, chitetezo ndinapeza cha ngati ndagula kwa munthu wa pamsewu, ndipo munthuyo nkhope yake sindimaidziwa.

Koma giyaboksi inali nkhani yaing'ono. Nditalimbikira za waiti buku, mnyamata uja wa tsiku loyamba anandikokera pambali nkundiuza kuti amayi buku lanu lili ku kampani ya ngongole. Ndinatulutsa fotokope ija kuiyang'anitsitsa. Pa waiti buku pamakhala dzina la mwini wake, komanso pali malo a amene ku RTSA, ofesi yolembetsa mamotoka, amamutcha abusoluti ona, kutanthauza banki kapena kampani imene ili ndi ulamuliro pa motokayo mpaka ngongole ithe. Pa fotokope yanga malo amenewo anali akuda ngati makina anadya inki. Bambo uja anakongola ndalama nkuika motoka chikole, panali patatsala K18,000, ndipo ndalama yanga atailandira anakatsekera mabowo ena. Ndinadzamva pambuyo pake kuti iye analandira K110,000, K14,000 inatsala pa yadi ndi anyamata.

Mvetsani apa chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Dzina la kampani ya ngongole likakhala pa buku, RTSA siingasinthe motoka kupita m'dzina lanu popanda kalata ya kampaniyo yonena kuti ngongole yatha. Ndipo bamboyo akanasiya kulipira, akanabwera kudzatenga motoka pakhomo panga, ine ndi lisiti yanga ya chidindo m'manja. Miyezi imeneyo ndikamva geti ikugogodwa mtima umachita phaa.

Mmene zinathera ndifotokoza mwachidule. Ndinalemba kalata ku yadi, ndinasunga kope, ndinasindikiza uthenga wa pa WhatsApp umene mnyamata wawo ananditumizira wonena kuti motoka ilibe vuto lililonse ndipo mapepala ali bwino, nkukapereka dandaulo ku CCPC, bungwe loona za ogula. Lamulo lawo la 2010 limaletsa wamalonda kunamiza wogula kapena kumugulitsa katundu woonongeka, ndipo zikwangwani zija zoti katundu akagulidwa sabwezedwa nazonso ndi zoletsedwa. Chimene chinandithandiza nchakuti ndalama inalowa mu akaunti ya yadi ndipo bodza linachokera pa foni ya wantchito wawo. Atamva kuti nkhani yafika kumeneko abwana aja anandiimbira okha. Anamusaka bamboyo, anatseka ngongole, buku linatuluka ndi kalata yake patatha miyezi inayi. Giyaboksi ina yakale alamu anaipeza K11,500, mafuta ndi ntchito K2,500, yadi inapereka theka, K7,000, theka lina ndinameza ndekha chifukwa ndinali nditatopa. K2,500 ya mapepala ija sinabwere, ndipo ku RTSA ndinapezanso kuti rodi takisi inali ndi makota atatu osalipira, ngongole imeneyo imatsata motoka osati munthu, ndinalipira ine.

Tsono apa ndinene chilungamo, chifukwa sindifuna muchoke ndi maganizo oti ma yadi onse ndi akuba. Ndikanagula kwa bamboyo mwachindunji, iye ndi ine basi, ndikanalowera kuti? Nkhani ya anthu awiri ogulitsana motoka yawo ndi ya ku khoti, kapena ku polisi ngati pali kuba moonekeratu, ndipo munthu akazimitsa foni nkusamukira ku Solwezi mumusaka mpaka liti. Yadi siithawa usiku umodzi, ili ndi dzina loti iteteze, ili ndi akaunti, inalembetsedwa ku PACRA. Chimenecho ndiye chitetezo chenicheni chimene mumagula mukalipira mtengo wokwera wa dila, kuti pali khomo loti mugogode. Koma khomolo limatseguka bwino ngati dzina la kampani ndi limene lili pa kalata yogulitsa, pa invoisi, ndipo walanti yalembedwa papepala kuti ndi masiku angati, ikukhudza chani. Walanti ya pakamwa ndi mphepo.

Ya dila yeniyeni, yopanda nambala, nayonso ili ndi zake zobisika, izi ndinaziphunzira nditakhala pa mabenchi a maofesi miyezi inayi ija ndikucheza ndi anzanga a mavuto. Mtengo wa pa galasi nthawi zambiri ndi wa motoka chabe. Kulembetsa, ma nambala puleti, chilolezo cha Interpol, fitinesi, rodi takisi, inshuwalansi, ndi ya ejenti woyendetsa zonsezi, zimabwera pamwamba, ndiye funsani mtengo woti motoka ituluke pa geti ili ndi nambala ndipo aulembe. Chachikulu ndi dyute. ZRA imalipiritsa motoka yakale potengera mtundu wake, kukula kwa injini ndi zaka zake, ndiye pali ena amene pa boda amanamiza zimenezi kuti alipire zochepa, kapena motoka inalowa ngati yongodutsa kupita dziko lina nkutsalira muno. Zikadziwika, imene imagwidwa ndi motoka, ndipo nthawi imeneyo ili m'manja mwanu. Bambo wina amene ndinakhala naye pa benchi anali ndi vuto lomweli, pepala la kasitomu likunena injini ina, mu boneti muli ina. Choncho pepala la kasitomu lioneni, nambala ya chasisi, chaka ndi injini zigwirizane ndi motoka imene mwaimirira pambali pake, ndipo ngati mtima ukukayika pitani nalo ku ZRA akakuonereni musanalipire.

Ya peyi silo, yotenga motoka nkumalipira mwezi ndi mwezi, ndingokhudza pang'ono chifukwa sindinaiyese, koma mnzanga wa kuntchito anaiyesa. Mtengo umakwera, buku amasunga iwo, ena amaikamo thiraka nkukulipiritsani, ndipo mukaphonya mwezi werengani bwino chimene pepala likunena, chifukwa mapangano ena amati atenga motoka ndipo zimene munapereka kale zapita.

Tsopano ya kwa munthu. Patapita chaka mng'ono wanga amene ndi namwino anafuna ka Vitz, ndalama yake inali yochepa, ya pa yadi sakanakwanitsa. Anati akulu, inu mwadutsamo, tiyeni limodzi. Tinapeza ya mayi wina wa ku Woodlands, koma osati mwachindunji, amene anaika chithunzi pa Facebook anali mnyamata wina amene ankati ndi ya anti anga. Awa ndi aja apakati, amatenga zithunzi za motoka ya eni nkuikapo yawo pamwamba. Mayiyo amafuna K68,000, mnyamata amatiuza 75. Sindidana nawo, nawonso akusaka ya ndiwo, koma ndinamuuza poyera kuti mwana wanga tikupatsa yako ya kutilozera, koma mtengo tikamba ndi amene dzina lake lili pa buku. Anakhumudwa pang'ono kenako anatiperekeza.

Ndinapempha kuti tifike kunyumba kwawo 7 koloko m'mawa ndipo motoka asailize. Alamu anafika nafe, chinthu choyamba anaika dzanja pa injini kuona ngati ili yozizira. Anailiza okha, anayang'ana utsi kumbuyo, anayang'ana ngati magetsi onse a pa dashibodi akuyaka poyamba kenako nkuzima, chifukwa ena amachotsa kababu ka injini kuti kasaoneke. Anaika makina awo ofufuzira mavuto a motoka. Tinayenda nayo kutali ndithu, kukwera Leopards Hill ndi kubwerera, wailesi yozimitsa. Anagona pansi kuona ngati yagundidwapo. Ndinawapatsa K500 ya tsikulo ngakhale ndi achibale, ndipo pa ndalama zonse za nkhani ya motoka imeneyi ndi imene sindinadandaule nayo olo pang'ono. Anapeza kuti matayala awiri atha, mashoko akumbuyo afooka, ndi mafuta akudontha pang'ono pamwamba pa injini. Zimenezo tinatsitsira mtengo kufika K64,000.

Mapepala ndinagwira ine. Ndinati amayi pepani musandione ngati wamwano, ndinapsapo kale, ndipempha waiti buku yeniyeni ndi reji yanu. Anaseka nkulowa m'nyumba kukatenga. Dzina pa buku ndi dzina pa NRC zinafanana, nkhope inafanana, malo a abusoluti ona munalibe kampani iliyonse. Nambala ya chasisi tinawerenga awiri, ine ndili ndi buku, alamu akuwerenga yodindidwa pa chitsulo cha motoka, osati ya pa kambale kokhomedwa kokha chifukwa kambale munthu akhoza kusintha, ndipo anapalasa ndi chala kuona ngati pozungulira pake sipanawotcheredwe. Nambala ya injini chimodzimodzi. Izi sizamasewera, motoka ikapezeka kuti ndi yobedwa apolisi amatenga, imabwerera kwa mwini wake, zoti inu munagula mosadziwa sizikupatsani umwini.

Chinthu china chimene sindimachidziwa nthawi ya Allion, ku PACRA kuli kaundula wa katundu woikidwa chikole, anabwera ndi lamulo la 2016, ndipo munthu ukhoza kufufuza ngati motoka inalembedwamo pa ngongole, pa kandalama kochepa. Tinafufuza, munalibe. Koma musadalire chimenechi chokha, a kaloba a mu komboni salembetsa kulikonse, iwo amangogwira buku nkuliika pansi pa matilesi. Nchifukwa chake wogulitsa akayamba nyimbo yoti buku linatayika, lili kwa amalume ku Kitwe, ndikupatsani mawa, ine ndimanyamula chikwama changa. Nyimbo ina ndi ija yoti ndinagula kwa wina koma sindinasinthe dzina. Zimachitika zoona, anthu ambiri amayenda ndi mabuku a eni, koma dziwani kuti pamenepo mufunika mwini dzina uja ndi reji yake ndi siginecha yake, ndipo ngati anamwalira kapena anachoka m'dziko mwagula ntchito.

Ndalama sitinapereke pakhomo. Tinalemba kalata yogulitsa, maina, manambala a NRC, nambala ya motoka, chasisi, injini, mayileji a tsikulo, mtengo, ndi mzere wonena kuti wogulitsa akutsimikiza kuti motoka ilibe ngongole kulikonse, mboni ziwiri nkusaina. Tinapereka K5,000 yogwirira ndipo inalembedwa. Kenako mayiyo anapatula nthawi yake tinayenda naye, ku polisi kuti aione ngati si yobedwa, za ZRA pomwe onse awiri wogula ndi wogulitsa afunika TPIN, ndi ku RTSA kumene amaiona motoka ndi maso kufananiza manambala. Tinafunsiratu ngati pali rodi takisi yotsalira, panali kota imodzi, tinachotsa pa mtengo. Yotsala tinatumiza pa banki kupita ku akaunti ya dzina lomwelo la pa buku, tili limodzi, buku ndi makiyi onse awiri zili pa tebulo. Zinatitengera masiku angapo ndi mizere yake, mng'ono wanga anachita kusinthana shifiti ndi mnzake. Inshuwalansi anagula yake yatsopano tsiku lomwelo, chifukwa ya mayiyo inali m'dzina la mayiyo.

Kusintha dzinaku kumatetezanso wogulitsa, mayi uja ndiye ananena yekha, anati mwana wanga ine sindifuna motoka ikagunda munthu ku Kafue apolisi abwere pakhomo panga. Wogulitsa wachilungamo sakana kuyenda nanu. Amene akuti ndili bize, tengani chabe buku mukasinthe nokha, kapena akukuthamangitsani kuti pali wina akubwera ndi kashi masana, ameneyo ndimamuopa kuposa yadi iliyonse.

Ndiye kodi ka Vitz kanali kopanda vuto? Ayi. Patatha milungu isanu batire inafa, kenako alitaneta, zonse pamodzi pafupifupi K3,800. Mng'ono wanga anati akulu tiwaimbire amayi aja. Ndinati tiwaimbire tiwauze chani? Sananame, alamu sanazione, zinali zisanafe. Kwa munthu mukagula mwagula, akhoza kukuyankhani pokhapokha ngati anakunamizani kapena motoka sinali yake, koma zoti chakuti chafa mwezi wotsatira ndi zanu. Pa dila ya walanti yolembedwa mwina tikanabwerera, ngakhale kuti ma walanti ambiri amene ndaona amangonena injini ndi giyaboksi, za magetsi ndi batire mulibe. Ubwino wake ndinali nditamuuziratu kuti asathere ndalama yonse pa mtengo, anasiya K8,000 pambali ya sevisi, matayala ndi zotere, ndiye sanalire kwambiri.

Mukandifunsa ine lero, munthu amene alibe makanika womukhulupirira ndipo alibe masiku oyenda m'maofesi, ndimati pita kwa dila, lipira zoonjezerazo, koma tenga imene ili yawo, invoisi m'dzina la kampani, walanti papepala, mtengo wotulukira pa geti wolembedwa. Amene ali ndi makanika ndi nthawi, kwa munthu kumatchipa ndithu, ndipo umamva mbiri ya motoka kuchokera kwa amene amaiyendetsa, mayi uja anatiuza ngakhale za tsiku limene anagunda geti. Imene sindingavomere m'bale wanga ndi ya pakati ija, ya eni yoimikidwa pa yadi, pokhapokha auze a yadi kuti muitaneni mwini wake abwere ndi buku lenileni ndi reji, tikhale pansi tonse, ndipo aigule ngati mmene angagulire kwa munthu, ndi kufufuza konse kuja.

Mwezi watha ndinaperekeza mnzanga wa ku tchalitchi pa yadi ina cha ku Great East. Mnyamata anatithamangira, amayi bwerani muone iyi. Ndisanayang'ane ngakhale mtundu wake ndinamufunsa kuti iyi ndi yanu kapena ndi ya eni? Anaima kaye, anayang'ana ku ofesi, kenako anati ndi ya eni amayi, koma mwini wake ali pafupi. Ndinati muimbireni, tidikira, ndipo muzimitse injiniyo tibwera mawa m'mawa ndi alamu anga.